Bilu yamagetsi yabwera yokwera koma sanawerenge mita: mungatani kuti aikonze

Izi ndi za inu amene mukadali pa mita ya positipedi, ija yoti mumayamba mwagwiritsa ntchito magetsi bilu nkumabwera pambuyo. Ambiri muno mu Blantyre anasinthidwa kale kupita pa pulipedi koma zilipobe nyumba zakalekale, mashopu, matchalitchi, zigayo ndi malo owotcherera zitsulo zomwe zikudikirabe pepala mwezi ndi mwezi. A pulipedi musathawe, chakumapetoku kuli kanthu kokukhudzani.

Vuto lake limakhala lotere. Bilu yabwera, ndalama zake ndi katatu kapena kanayi kuposa zomwe munazolowera, pomwe mnyumba simunagule chipangizo chatsopano, mwinanso theka la mwezi munali mu bulakauti. Anthu ambiri amathamangira ku ofesi atakwiya nkumakanena kuti "ine sindigwiritsa ntchito magetsi ambiri chonchi", ndiye wapakauntala amangoyang'ana pa kompyuta nkunena kuti bambo sisitimu ikuonetsa choncho, mukalipire kaye. Ndipo kunena zoona munthu uja sanalakwe, mwamupatsa mkwiyo basi, palibe chimene angalowetse mu kompyuta. Chimene chimasintha bilu ndi nambala imodzi yokha, yomwe ili pa mita yanu lero.

Mita ili ngati mailejii a minibasi, imangopita kutsogolo, siibwerera ku ziro mwezi ukatha. Bilu ya mwezi ndi kungochotsera: nambala ya ulendo uno kuchotsapo nambala ya ulendo wathawu, zotsalazo ndi mayunitsi anu, yunitsi imodzi ndiye kWh imodzi. Ndiye wowerenga mita akapanda kufika, kaya geti inali yokhoma, kaya agalu, kaya mita ili mkati mwa khitchini inu muli kuntchito ku Ginnery Corner, kaya galasi la mita linachita mbuu, kaya iyeyo sanabwere nkomwe, bilu siidikira. Amangoika nambala yoganizira, esitimeti, potengera mmene nyumbayo inkagwiritsira ntchito magetsi mmbuyomu. Apa mpamene pamavuta, chifukwa "mmbuyomu" mwina munali anthu ena.

Musanapite kulikonse tengani biluyo ndi tochi mukaime pa mita. Choyamba onani nambala ya mita yomwe yalembedwa pa bilu ngati ikufanana ndi yomwe inadindidwa pa mitayo. Pa mapuloti a nyumba zambirimbiri ngati ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa mamita amatha kukhala atatu anayi pakhoma limodzi ndipo sizachilendo kupeza kuti mukulipira bilu ya mita ya oyandikana nawo. Zikasiyana, nkhani yanu si ya esitimeti ayi, ndi ya kusokonekera kwa akaunti, mukanene choncho. Zikafanana, yang'anani manambala awiri aja pa bilu, nthawi zambiri amalembedwa kuti `Previous reading` ndi `Current reading`, ndipo mabilu ambiri amaika chizindikiro ngati `E` kapena `Estimated` pamene anangoganizira. Ngakhale chizindikirocho musachione pali njira ina yodziwira: mayunitsi akamabwera ofanana ndendende miyezi iwiri itatu yotsatana, dziwani kuti palibe amene anayang'ana mita, palibe banja limene limagwiritsa ntchito 620, 620, 620 ngati wotchi.

Kenako werengani mita nokha. Pa mita yakale ija ya kambale kozungulira, werengani manambala kuchokera kumanzere kupita kumanja, koma yomaliza ija yomwe ili mu kabokosi kofiira kapena yomwe ili kuseri kwa kadontho muisiye, imeneyo ndi kachigawo chabe ka yunitsi. Pa mita ya sikirini manambala amasinthasintha okha, mwina iwonetsa tsiku, kenako mavoti, kenako zina, dikirani mpaka itaonetsa nambala yokhala ndi `kWh` pambali. Muijambule pa foni moti nambala yodindidwa pa mita ndi riding'i, nambala ya mayunitsi mwawerengayo, zioneke pa chithunzi chimodzi, osati ziwiri zosiyana, chifukwa akhoza kukufunsani kuti tidziwa bwanji kuti ndi mita yanu. Chithunzicho mudzitumizirenso pa WhatsApp kapena mutumizire wina wa mnyumba kuti tsiku lake lisungike.

Tsopano tiyeni tiyerekeze ndi nyumba imodzi kuti masamu ake aoneke. Tinene kuti mayi ena alowa nyumba ya lendi ku Chilomoni kumayambiriro a Malichi, ali ndi ana awiri. Amene anatuluka mnyumbamo anali banja lalikulu, kuka yamagetsi, giza yoyaka tsiku lonse. Riding'i yomaliza yeniyeni inatengedwa pa 5 Malichi ndipo inali 18,240. Mayiwa amachoka mmawa kukhoma geti, ndiye pa 5 Epulo bilu ikubwera ndi 18,860, mayunitsi 620. Pa 5 Meyi ikubweranso ndi 19,480, ena 620. Pamodzi awalipiritsa mayunitsi 1,240. Pa 9 Meyi mayiwa akuyang'ana mita akupeza ili pa 18,610.

Apa nkhani yatha kale, ngakhale mwana wa Sitandade 5 atha kuiona. Bilu ikuti mita inafika 19,480 masiku anayi apitawo, pomwe mita lero ili pa 18,610, ndipo mita siibwerera mmbuyo. Mayunitsi enieni ndi 18,610 kuchotsa 18,240, omwe ndi 370 pa masiku 65, kutanthauza pafupifupi mayunitsi 6 patsiku kapena 170 pamwezi. Owonjezera omwe sanawagwiritse ntchito ndi 870. Mtengo wa yunitsi umasinthasintha ndiye mugwiritse ntchito umene uli pa bilu yanu, koma kuti masamu aphweke tingoti K150. Awalipiritsa K186,000 pomwe zoona zake ndi K55,500, kusiyana kwake K130,500. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa VAT womwe nawonso umatsika mayunitsi akatsika, koma ngati pa bilu pali ndalama yokhazikika ya pamwezi imeneyo siisintha, musaiphatikize mu zomwe mukukana.

Pali anthu amene angakuuzeni kuti ingolipirani, zidzadzikonza zokha akadzawerenga mita. Mbali ina akunena zoona, popeza mita siinama, tsiku lina riding'i yeniyeni idzalowa. Koma taonani mayi athuwa: pa mayunitsi 170 pamwezi, kuti mita yawo ifike pa 19,480 pamene bilu inaika, padutsa miyezi isanu yathunthu. Ndiye kuti akongoza kampani yamagetsi ndalama za miyezi isanu popanda chiwongola dzanja, iwo akuvutika ndi lendi ndi fizi. Ndipo zimenezo ndi ngati esitimeti yaima, ikapitirira mwezi wachitatu mpata uja ukungokula. Chinanso choopsa nchoti wowerenga mita akadzabwera nkulemba 18,700, nambalayo ndi yotsika kuposa yomwe ili kale mu kompyuta, ndiye masisitimu ena amaikana kuti wowerengayo walakwitsa nkuikanso esitimeti ina, ena amaitenga ngati mita yazungulira kudutsa 99,999 nkuyambiranso pa ziro, apo ndiye pamatuluka mabilu aja a mamiliyoni pa nyumba ya zipinda ziwiri. Nchifukwa chake mpofunika munthu weniweni ku ofesi akonze riding'i yakale ija pamanja, osangolowetsa yatsopano.

Popita ku ofesi ya ESCOM yomwe imasamala dera lanu tengani mabilu onse kuyambira pa riding'i yomaliza yeniyeni, malisiti a zomwe munalipira, chithunzi chija, ndi chitupa chanu. Ngati akaunti ili mu dzina la alandilodi, zomwe ndi mmene zilili nyumba zambiri za lendi, pitani nawo kapena akulembereni kakalata kokuvomerezani, apo ayi mudzaima pamzere mmawa wonse nkudzauzidwa kuti abwere eni ake. Ndipo alandilodi musawachitire manyazi, ngongole ikatsala pa akauntiyo imakhala pa dzina lawo, ndiye nawonso zikuwakhudza.

Mulembe kalata, yaifupi, makope awiri. Mu Chichewa kapena mu Chingerezi zilibe kanthu bola manambala akhale olondola. Muikemo dzina la pa akaunti, nambala ya akaunti, nambala ya mita, malo a nyumba ndi foni yanu. Kenako ziganizo zitatu zinayi basi: riding'i yomaliza yeniyeni inali 18,240 pa 5 Malichi, bilu ya pa 5 Meyi yalemba 19,480, mita pa 9 Meyi ikuonetsa 18,610, ndikupempha kuti mutumize munthu adzawerenge mita, muchotse mabilu awiri oganizirawo ndi kundipatsa bilu yokonzedwa, komanso magetsi asadulidwe pamene nkhaniyi ikuunikidwa. Za mavuto a pakhomo, za mabulakauti, za kukwera mtengo kwa zinthu, zonsezo nzoona koma mukazilemba mu kalatayi zimangokwirira manambala aja. Kope imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsikulo mubwerere nayo, ndipo mufunse nambala ya dandaulo lanu ngati amapereka, ndi dzina la amene wakulandirani mulembe kuseri kwa kope yanuyo. Pangano la pakamwa loti "pitani mayi tizikonza" amene amabwera kudzadula magetsi salidziwa, iwo amangoyenda ndi mndandanda wa angongole.

Nkhani ya kulipira ndi imene anthu amasiyanapo maganizo. Ine ndimati musalipire yonse komanso musakhale osalipira kalikonse. Lipirani gawo lomwe simukulikana, kwa mayi athuwa ndi K55,500 ija kuphatikiza msonkho wake ndi ndalama yokhazikika ngati ilipo, nkusunga lisiti, ndipo mu kalata muja mutchule kuti mwalipira mayunitsi 370 omwe mita ikuonetsa. Izi sizikutsimikizira kuti sangadule, kompyuta imaonabe ngongole mpaka wina ataikonza, nchifukwa chake mumapempha kuti aike chizindikiro pa akaunti kuti pali dandaulo. Koma munthu amene walipira zake zenizeni ndipo ali ndi kalata ya chidindo amamveka mosiyana ndi amene wakhala miyezi iwiri osaponyako kanthu. Odula akafika pageti aonetseni mapepalawo mwaulemu, ndipo ya fanta musapereke, mawa kubwera ena.

Wodzawerenga mita akabwera yesetsani kuti pakhale munthu wamkulu pakhomo, muone nambala imene walemba, mujambulenso. Bilu yokonzedwa ikatuluka musangoyang'ana ndalama ya pansi nkusangalala kuti yatsika. Onani ngati riding'i yatsopano ikugwirizana ndi mita, ngati mayunitsi 870 aja achotsedwa onse, ndiponso ngati zilango za kuchedwa kulipira kapena ndalama yolumikizanso magetsi, ngati anaika chifukwa cha bilu yolakwikayo, zachotsedwa. Ngati mtengo wa magetsi unakwera pakati pa miyezi imeneyo funsaninso kuti mayunitsi agawidwe molingana ndi masiku, asawerengedwe onse pa mtengo watsopano. Amene munalipira kale yonse, kawirikawiri ndalama sizibwerera mmanja, zimakhala pa akaunti nkumadya mabilu a kutsogolo, ndiye muziona mwezi ndi mwezi kuti zikuchotsedwadi.

Nanga mukapita pa mita nkupeza kuti nambala yake ndi yofanana ndi ya pa bilu, kapena yaposa? Apa pepani, si esitimeti yokwera. Nthawi zambiri chimachitika ndi chosemphana: miyezi ingapo amakuganizirani mayunitsi ochepa, inu nkumasangalala, tsiku lina wowerenga wafika ndiye mayunitsi onse otsalira abwera pa bilu imodzi. Imeneyo ndi ngongole yeniyeni, chomwe mungapemphe ndi kulipira pang'onopang'ono basi.

Koma mukhoza kuyesa nokha ngati mayunitsiwo akumveka. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chimadya yunitsi imodzi. Kwa mayi aja, filiji imadya pafupifupi yunitsi imodzi ndi theka patsiku, hotipuleti ya mawati 1,000 maola awiri ndi mayunitsi 2, TV ndi dikoda maola asanu ndi limodzi sizifika nkomwe yunitsi imodzi, mababu asanu ndi limodzi osadya magetsi aja sakwana ngakhale theka, simbi ndi ketulo tingoti yunitsi imodzi. Zonse pamodzi ndi mayunitsi 5 kapena 6, zikugwirizana bwinobwino ndi zomwe mita yawo inaonetsa, pomwe 620 pamwezi ndi mayunitsi 20 patsiku. Koma muwonjezerepo giza ya mawati 3,000 yotenthetsa maola anayi patsiku, amenewo ndi mayunitsi 12 paokha, mwayandikira kale 20 uja. Ndiye ngati muli ndi giza ndipo bilu yakwera mu Juni kapena Julayi nthawi ya chiperoni, ana akuyatsanso hita kuchipinda, yambani mwakayikira mnyumba mwanu musanakakayikire ofesi. Anthu timadandaula ndi mababu kumathimitsa mwana akuwerenga, pomwe zodya magetsi ndi zonse zotenthetsa.

Masamu akakana ndithu, mita ikuthamanga koma zipangizo nzochepa, yesani izi. Thimitsani swichi yaikulu ya mnyumba nkupita pa mita. Kambale kaja kayenera kuima, kapena pa mita ya sikirini kagetsi kofiira kophethira kaja kayenera kusiya. Kakapitiriza ndiye kuti mwina pali waya wotuluka pakati pa mita ndi bokosi lanu la maswichi kupita kwina, mwina kwa nyumba ya kuseri, kapena mitayo ndi yowonongeka. Kakaima, yatsani swichi yaikulu koma muzule ndi kuthimitsa chilichonse mnyumba, filiji ndi giza yomwe. Kakayambanso kuyenda ndiye kuti pali china chomwe chikudya magetsi kudzera mu mawaya anu, kaya woyandikana naye analumikiza pa soketi ya panja kaya waya wina akutaya magetsi, apo itanani wamagetsi wodziwa ntchito, ndipo dziwani kuti mayunitsi otayikira mbali ya mnyumba mwanu amakhala anu.

Mungayesenso liwiro la mitayo ndi ketulo. Pafupi ndi kagetsi kofiira pamalembedwa nambala ngati `1000 imp/kWh`, kutanthauza kuti kamaphethira ka 1,000 pa yunitsi imodzi. Zonse zili zothimitsa, yatsani ketulo ya mawati 2,000 nkuwerenga kwa mphindi imodzi, ngati mita yanu yalembedwa `1000 imp/kWh` muyenera kupeza pafupifupi ka 33. Mukapeza 29 kapena 35 palibe vuto, mphamvu ya magetsi imatsika ndi kukwera makamaka madzulo. Mukapeza 60 kapena 70 ndiye muli ndi chifukwa chopemphera kuti adzayeze mita. Funsiranitu ngati kuyezako kuli ndi malipiro ndiponso amene amalipira mita ikapezeka kuti ili bwino. Chimodzi chokha: mita musaitsegule, kawaya komatira kaja musakakhudze, ndipo wina wa mmakwalala akati ndikuchepetserani liwiro mukaneni. Chomatira chikangopezeka chodulidwa nkhani ya bilu imatha pomwepo, imasanduka ya kuba magetsi, ndi chindapusa chake.

Mukadikira milungu iwiri itatu popanda aliyense kubwera, bwererani ndi kope ya chidindo ija mupemphe kuonana ndi wamkulu woona za mabilu, musayambirenso kufotokoza kwa wapakauntala wina ngati nkhani yatsopano. Zikakanikabe pali MERA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004 kuti liziyang'anira za mphamvu zamagetsi ndi mafuta mdziko muno, ndi lomwelo limene limavomereza mitengo ya magetsi ndipo limalandira madandaulo a makasitomala. Kumeneko chinthu choyamba adzafuna kuona nchoti munayamba mwadandaula kwa okugulitsani magetsi, ndiye kope ya chidindo ija ndi imene imakutsegulirani khomo. Bungwe la CAMA loimira anthu ogula nalonso liri konkuno ku Blantyre ngati mukufuna okuthandizani kukankha. Kulemba pa Facebook kumathandiza kutulutsa mkwiyo ndipo nthawi zina amayankhadi, koma nambala ya akaunti yanu musaiike pagulu.

Kuti zisabwerenso, vuto lenileni ndi loti wowerenga sakuifikira mita. Ngati mumadziwa masiku amene amayenda mdera lanu siyani munthu pakhomo kapena uzani alonda, apo ayi muzijambula mita tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse nkufunsa ku ofesi njira yomwe amalandirira riding'i yochokera kwa kasitomala. Olowa nyumba ya lendi, tsiku lolandira makiyi mujambule mita muli limodzi ndi alandilodi ndipo nambalayo ilembedwe pa pepala la mgwirizano, potuluka chimodzimodzi.

Tsopano za pulipedi zija. Ambiri akatopa amangopempha kuti awasinthire mita, ndipo nzoona pa pulipedi esitimeti kulibe. Koma ngongole ya pa akaunti yakale siifa ndi mita yakale, imatha kukutsatani nkumadulidwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukagula mayunitsi, ndiye mumangodabwa kuti K10,000 yomweyo yanu ikupereka mayunitsi ochepa kuposa ya anzanu. Ngati zikukuchitikirani yang'anani pa lisiti kapena uthenga wa tokeni ngati pali mzere wa ngongole, nkukafunsa sitetimenti ya akaunti yakale kuti muone ngati ngongoleyo inachokera pa riding'i yeniyeni kapena yoganizira. Ndipo amene simunasinthidwebe, tsiku limene akudzachotsa mita yakale muijambule isanatsike pakhoma, nambala ya mita ndi riding'i pamodzi, ndipo muonetsetse kuti amisiriwo alemba nambala yomweyo pa fomu yawo musanasainire. Kwa mayi a ku Chilomoni aja, mita itachotsedwa ili pa 18,610 koma kompyuta nkutseka akaunti pa 19,480, mayunitsi 870 aja angawalipire ndithu kudzera mu tokeni iliyonse, ndipo popanda chithunzi sangakhalenso ndi poloza chifukwa mitayo yapita kale ku sitolo ya kampani.